Mota ya chigayo imene inapsa kawiri ma ampeya ali bwinobwino

Mota yopsa ili ndi fungo lake, ndipo amene analinunkhizapo sadikira kuti muitsegule. Iyi inabwera pa lole ya matani atatu kuchokera kumunsi kwa Shire, cha ku Ngabu, itakulungidwa m'masaka. Mwini wake, bambo wachikulire wokhala ndi chigayo pamsika wina kumeneko, anatsika nayo limodzi nkhope ili gwaa. Kanali kachiwiri kupsa. Koyamba inagwira ntchito zaka zitatu ili yatsopano, ndipo atakailukitsa mawaya kwina inangotha chaka chimodzi.

"Amisiri," anatero, "ndiuzeni zoona. Kodi anandiikira waya wabodza, kapena alipo amene akundichita chipongwe? Mita ya ma ampeya ili pakhoma pomwepo, ndimaiyang'ana ndekha. Siinapitirirepo kwenikweni."

Sindinawatsutse pa za mita, chifukwa ndinadzapeza kuti amanena zoona. Koma nditachotsa zivindikiro ndinaona kuti mawaya a magawo onse atatu ada mofanana, bii ngati mphika wa pamoto wa nkhuni. Ulusi womangira makoyilo unkangoyoyoka ndikaukhudza, ndipo pepala la m'mipata ya chitsulo linkathyoka ngati tsamba la fodya louma. Kupsa kotere kumalozera kumodzi. Mota yolumikizidwa mwa delita, magawo ake atatu atagwirana nsonga ndi nsonga ngati mbali za makona atatu, ikataya gawo limodzi la magetsi, gawo limodzi la mawaya limapsa, awiri enawo n'kukhala owala. Ikakhala ya sitala, magawo atatuwo atakumana pamfundo imodzi, amapsa awiri, limodzi n'kutsala. Mphenzi imaboola malo amodzi, kwina konse kuli bwino. Koma onse atatu akada chimodzimodzi, ndiye kuti motayo yakhala ikuphikidwa pang'onopang'ono kwa miyezi. Mbali ya ku pule, yomwe ili kutali ndi fani, inali yakuda kwambiri kuposa ya kumbuyo. Apa m'pamene ndinayamba kukayikira mpweya osati magetsi.

Ndinaiyika mawaya atsopano, koma ndinawauza bambowo kuti sindiipereka pokhapokha ndikaone kumene imakhala. Anadandaula za mtengo wa ulendo, kenako anavomera.

Kachitsulo ka pamotayo kanalembedwa motere, kusiya zina:

```
22 kW   400 V   42 A   1465 r/min
S1   IP55   IC411   Ins.Cl. F
```

Anthu ambiri amawerenga 22 kW n'kulekera pomwepo, ngati kuti mphamvuyo ndi yake ya motayo kulikonse imene ingapite. Koma nambalayi ili ndi zoyenera zake zimene sizilembedwa kawirikawiri pakachitsuloko, chifukwa zili m'malamulo a IEC 60034-1 amene opanga ambiri amatsata. Lamulolo limati makilowati olembedwawo ndi oona ngati mpweya woziziritsa motayo sukupitirira madigiri 40, komanso ngati malowo sali pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Chimodzi mwa ziwirizi chikaphwanyidwa, mota ija si ya 22 kW ayi, ngakhale kachitsulo kakunenabe choncho. Idzazungulira, idzagaya, idzapereka mphamvu imene mwaipempha mosanyinyirika. Koma mawaya ake m'kati ndi amene adzalipire.

Chimene chimafa m'mota si kopa. Kopa amasungunuka pa madigiri opitirira 1,000, ndipo mota ikamafika kumeneko ndiye kuti inafa kalekale. Chimafa ndi kachikopa kopyapyala kokuta waya, pamodzi ndi vanishi ndi pepala lolekanitsa waya ndi chitsulo. Zinthu zimenezi zili m'magulu malinga ndi kutentha kumene zimapirira: gulu B ndi madigiri 130, gulu F ndi 155, gulu H ndi 180. Manambalawa amachita kuwonkhetsedwa. Pa gulu F, amayamba ndi 40 wa mpweya wakunja, n'kuonjezapo 105 amene mawaya amaloledwa kukwera pamwamba pa mpweyawo, n'kusiya 10 wa malo obisika m'kati mwa koyilo amene amatentha kuposa pena ponse. Zonse pamodzi 155. Pa gulu B ndi 40, 80 ndi 10. Mukaona kawonkhetsedwe kameneka muona kale vuto: mpweya ukakhala 50 m'malo mwa 40, madigiri khumi oonjezerawo atengedwa pa gawo la mawaya, palibenso kwina kowatenga.

Mota zambiri zabwino za masiku ano amazikuta ndi zinthu za gulu F koma amazipanga kuti zizikwera ngati za gulu B, madigiri 80 okha. Motero pamatsala madigiri 25 osungira. Ndi madigiri amenewa amene amapangitsa mota kukhala zaka zambiri, ndipo ndi omwewonso amene timadya osadziwa tikaiika malo oipa.

Kukalamba kwa zokutira mawaya kuli ndi kayendedwe kake. Mu 1930 katswiri wina wa ku Amereka, V. M. Montsinger, pofufuza za mathiransifoma anaonetsa kuti moyo wa zokutira umatsika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 8. Pa zinthu za m'mota za lero timagwiritsa ntchito 10. Gulu lililonse limayesedwa kuti pa kutentha kwake lipirire maola pafupifupi 20,000. Ndiye mawaya a gulu F pa madigiri 155 ndi maola 20,000, pa 165 ndi 10,000, pa 175 ndi 5,000. Kutsika nakonso n'chimodzimodzi: pa 145 ndi 40,000, pa 135 ndi 80,000. Musatenge manambalawa ngati tsiku la maliro la mota yanu, chifukwa chinyezi, kunjenjemera ndi kuyatsayatsa zimalowererapo. Chothandiza ndi kufanizira kwake. Madigiri khumi ndi ochepa kwambiri moti dzanja silingawasiyanitse pachitsulo chotentha kale, koma amadula moyo pakati.

Tinatsika phiri la Thabwa kumayambiriro kwa Novembala. Amene anayendapo msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa nyengo imeneyi amadziwa mmene mpweya wolowa pazenera umasinthira, kuchoka kamphepo kayeziyezi kufika ngati wa pamoto wootchera njerwa. Ku Blantyre muli pa mamita pafupifupi 1,000, pamene kuchigwa mwatsikira cha m'ma 100 kapena kucheperapo. Pa nkhani ya kukwera kwa malo, chigwachi chilibe mlandu, mpweya wake ndi wolemera bwino. Mlandu wake ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala si zachilendo kuti masana kudutse madigiri 40 pamthunzi.

Nyumba ya chigayo inali ya njerwa, denga la malata lotsika moti ndikatambasula dzanja ndimakhudza mtanda. Zenera linali limodzi, lotsekedwa ndi lata chifukwa cha akuba. Motayo inkakhala pakona, ndipo zizindikiro za maboti pansi zinandiuza zonse: chivindikiro cha fani chinkayang'ana khoma, mpata wake wongokwana zala zitatu. Mota ya IC411 ndi yotsekeka, mpweya wakunja sulowa m'kati. Kutentha kwa mawaya kumadutsa m'chitsulo kufika pa nthiti zakunja zija, ndipo fani ya kumbuyo imakoka mpweya kudzera pa sefa ya chivindikiro n'kuuwomba m'mipata ya nthitizo kulowera ku pule. Pakona paja mpweya wotentha wochoka ku pule unkagunda thupi la chigayo, n'kubwerera m'mbali mwa khoma, fani n'kuukokanso. Motayo inkapuma mpweya wake womwe.

Mnyamata woyendetsa chigayo anandionetsa saka lakale la gonje limene linali pambali. "Ili timalinyowetsa n'kuifunditsa ikatentha kwambiri, abwana." Anachita ndi mtima wabwino, ndipo sindinamukalipire. Koma saka likafunda nthiti limatseka njira ya mpweya wa fani, ndipo likauma pakatha mphindi zochepa limasanduka bulangete. Madzi ake akakumana ndi fumbi la ufa ndi gaga amapanga phala limene limauma m'mipata ya nthiti ngati simenti. Pamene motayo inafika kwa ine, mipata ya pansi inali yodzaziratu, ndinachita kukokota ndi sikuludalaiva.

Ndinachita chinthu chimene ena angati n'chopusa. Ndinaibwezera motayo pamalo ake akale, ndipo ndinawapempha kuti agaye monga amagayira masiku onse kwa masabata awiri, osasintha kanthu kupatula saka lija. Ndinkafuna nambala yoti ndiwaonetse bambowo, chifukwa mawu okha sakanagwetsa khoma lawo. Masabata awiri pa kutentha kotere amadya kagawo kochepa ka moyo wa mawaya atsopano, ndipo ndinaona kuti n'koyenera kulipira.

Kutentha kwa mawaya sikuyezedwa ndi dzanja. Dzanja limathawa chitsulo chikangodutsa madigiri 60, pamene mota yabwinobwino ikhoza kufika 70 kapena 80 kunja kwake ili pantchito yake yoyenera. Kachipangizo kolozera kaja kamene kamayeza patali kamangokuuzani za khungu, ndipo mawaya m'kati amatentha kuposa khungulo ndi madigiri makumi angapo. Njira yodalirika ndi kufunsa kopa mwini wake. Kopa akatentha amakaniza magetsi kwambiri, ndipo kukwera kwake kumayenda mwa ndondomeko yodziwika. Mukayeza ma omu a gawo limodzi motayo ili yozizira, n'kuyezanso itangoima kumene, mupeza kutentha kwake motere:

```
T2 = (R2 / R1) x (235 + T1) - 235
```

R1 ndi ma omu ili yozizira, T1 ndi kutentha kwa nthawi imeneyo, R2 ndi ma omu itatentha. Nambala ya 235 ndi ya kopa, ndipo waya wa aluminiyamu amatenga 225. Mita wamba ya m'thumba siithandiza apa, chifukwa zingwe zake zokha zili ndi ma omu oyandikira a mawaya amene mukuyeza. Pamafunika mita ya zingwe zinayi yoyeza ma omu aang'ono.

Nditabwerera patatha masabata awiri, ndinafika m'mamawa chigayo chisanayatsidwe, motayo itagona usiku wonse. M'nyumbamo munali madigiri 28. Pakati pa U1 ndi U2, nsonga ziwiri za gawo limodzi la mawaya, ndinapeza ma omu 0.400. Kenako ndinakhala pansi pa mtengo wa msangu panja n'kumayang'ana amayi akubwera ndi matumba a chimanga ndi mapira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mota ya kukula uku imatenga maola angapo kuti kutentha kwake kukhazikike, ndipo mukayeza patangotha theka la ola mudzanyadira nambala yabodza. Cha m'ma 2 koloko masana ndinalowa ndi choyezera kutentha. Panja pamthunzi panali 41. Pakhomo m'kati munali 44. Pa sefa ya chivindikiro cha fani, pomwe mpweya umalowera, panali 49. Nambala yokhayo imene mota imaidziwa ndi yomalizayi. Za pa wailesi zolosera nyengo sizikuikhudza.

Mita ya pakhoma inkasewera pakati pa ma ampeya 42 ndi 44. Bambo aja anandilozera ndi chala. "Mwaona? Si ndinanena?"

Tinazimitsa, ndinatsekera switchi yaikulu ndi loko, ndipo tinadikira kuti chigayo chiimiretu, chifukwa mota ikamazungulirabe imatulutsa timagetsi totsalira timene timasokoneza mita. Lamulo limafuna kuti mota yosapitirira 50 kW iyezedwe m'masekondi 30 itazimitsidwa, koma chigayo cha nyundo chimachedwa kuima. Choncho ndinayeza kangapo, masekondi 30 aliwonse, mnyamata uja akundiwerengera nthawi pafoni, ndipo ndinajambula mzere papepala kubwerera pa mphindi imene tinazimitsa. Mzerewo unafika pa ma omu 0.600.

```
T2 = (0.600 / 0.400) x (235 + 28) - 235
T2 = 394.5 - 235 = 159.5
```

Tingoti 160. Imeneyi ndi nambala yapakatikati ya waya wonse, ndiye malo otenthetsetsa anali cha pa 170. Mawaya anakwera madigiri pafupifupi 110 pamwamba pa mpweya wa 49, pa mota imene ikanayenera kukwera cha m'ma 80. Ma ampeya awiri opitirira aja akanangoonjezera madigiri osakwana khumi, pakuti kutentha kwa m'mawaya kumakwera molingana ndi ma ampeya kuchulukitsa ndi iwo omwe, ndipo 44 pa 42 mwa njira imeneyi ndi kuonjeza gawo limodzi mwa khumi. Madigiri makumi awiri otsalawo anachokera ku fani imene inkabanika ndi khoma ndi ku fumbi limene m'masabata awiri okha linali litayalanso pa nthiti ndi kutseka theka la timaenje ta sefa.

Apa zaka zitatu ndi chaka chimodzi zija zinamveka. Pa 170, zokutira za gulu F zapitirira ndi madigiri 15, ndiye maola 20,000 atsikira cha pa 7,000. Chigayo choyenda maola khumi patsiku chimatha maola pafupifupi 3,000 pachaka, ndipo poti miyezi yozizira imapumitsako, zaka zitatu n'zimene munthu angayembekezere. Ulendo wachiwiri, ngati amene analuka anagwiritsa ntchito pepala kapena vanishi wa gulu B, kupitirira kwake kunali madigiri 40, kutanthauza kudula pakati kanayi: maola 1,250 okha. Nyengo imodzi yotentha ikanakwanira. Kachitsulo kamanenabe F mota ikalukidwanso, koma gulu lenileni ndi la chinthu chofooketsetsa chimene chalowamo, kaya ndi kapaipi kokutira polumikiza mawaya. Mukamalukitsa mota funsani gulu la waya, la pepala ndi la vanishi, chilichonse pachokha. Mmisiri wabwino sakwiya ndi funso limeneli.

Nanga ovalodi, kachipangizo kozimitsa mota ikakoka magetsi ochuluka, inali kuti nthawi yonseyi? Inali pamalo pake, ikugwira ntchito imene inapangidwira. Ovalodi imamva ma ampeya basi. Imangoyerekeza kuti ngati ma ampeya ali 42, mawaya ali bwino, pakuti imakhulupirira kuti mpweya ndi 40, fani ndi yamoyo, nthiti n'zoyera. Mutathyola mapiko onse a fani, mita ya pakhoma siingasunthe mooneka, ovalodi nayo ingokhala phee, mota n'kumapsa. Ichi n'chimene bambo aja zinawavuta kulandira, ndipo sindikuwaseka, chifukwa ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti ma ampeya ndiwo amanena thanzi la mota.

Kuchepetsa katundu wa mota chifukwa cha kutentha kumachokera pa kuwonkhetsa kuja. Ngati mpweya uli 50 ndipo tikufuna mawaya akhale pomwe akanakhala pa 40, kukwera kwake kuyenera kutsika kuchoka pa 80 kufika pa 70. Poti kukwera kumatsata ma ampeya ochulukitsidwa ndi iwo omwe, ma ampeya ayenera kutsika kufika pa 0.93 ya olembedwa, chifukwa 0.93 kuchulukitsa ndi 0.93 kumayandikira 70 pa 80. Matebulo a opanga amasiyana pang'ono koma amazungulira pomwepa: pa madigiri 45 chulukitsani makilowati ndi 0.96, pa 50 ndi 0.92 kapena 0.93, pa 60 muli pakati pa 0.82 ndi 0.87. Mota yathu ya 22 kW pakona paja inali ya makilowati 20 basi, ma ampeya cha pa 39, ikanakhala yoyera ndiponso yopuma bwino. Tebulo limaganiza kuti fani ikugwira ntchito yake yonse. Fumbi ndi khoma zilibe tebulo, mumangoyenera kuzichotsa.

Ndipatuke pang'ono ndinene za mapiri, chifukwa mnzanga wina wa ku Dedza nditamufotokozera nkhaniyi anaseka n'kunena kuti kwawo kumazizira, ndiye sizimukhudza. Zimamukhudza mwa njira ina. Fani siisamala za kulemera kwa mpweya, imasuntha muyeso womwewo pa kuzungulira kulikonse. Koma chonyamula kutentha ndi kulemera kwa mpweyawo, ndipo pa mamita 1,600, pomwe tauni ya Dedza ili, mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100 poyerekeza ndi wa kunyanja yamchere. Lamulo lodziwika ndi lakuti kukwera kololedwa kumachepa ndi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 aliwonse opitirira 1,000. Ku Dedza ndiye magawo 6: madigiri 80 aja asanduka 75. Matebulo amapereka 0.96 kapena 0.97 pa mamita 1,500, ndipo 0.92 mpaka 0.94 pa 2,000. Lilongwe ndi Blantyre zili m'malire penipeni moti sitivutika kuwerengera, Mzuzu ndi Lusaka zadutsako pang'ono, Harare ili pafupi ndi 1,500, ndipo abale athu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Joni ali pa mamita oposa 1,700.

Mnzangayo sanalakwitse kotheratu. Malamulowo amavomereza kuti kuzizira kwa kumapiri kumabwezera zimene kupepuka kwa mpweya kwalanda. Ngati mwataya madigiri 5 pa kukwera kololedwa koma mpweya wanu sudutsa 35, mwabwerera pomwe munali, ndipo mota ikhoza kunyamula katundu wake wonse. Msampha uli pa mawu akuti mpweya wanu. Kuzizira kwa Dedza kuli panja. M'kanyumba ka pampu ka malata kopanda mazenera, kapena pafupi ndi uvuni wa buledi, mpweya wolowa m'fani ukhoza kufika 45 kapena 50 ngakhale kuphiri, ndipo pamenepo zochepetsa ziwirizo zimachulukitsana. Pa mamita 1,500 ndi madigiri 50 mumapeza cha pa 0.89. Tiyerekeze makina ofuna makilowati 20 enieni pa shafiti. Gawani 20 ndi 0.89, mupeza 22.5. Mota ya 22 kW yaperewera pang'ono, ndipo yotsatira pamndandanda wa zogulitsidwa ndi ya 30 kW, yodula kwambiri, yofunanso sitata ndi mawaya akuluakulu. Nthawi zambiri kuboola khoma kuti mpweya utsike ndi madigiri khumi n'kotchipa kuposa kulumpha kuchoka pa 22 kupita pa 30. Ine ndimayamba ndi njerwa ndisanafike ku sitolo ya mamota.

Ku Ngabu tinachita zomwezo. Sitikanatha kutembenuza motayo chifukwa malamba anafunika kukhala mzere umodzi ndi pule ya chigayo, ndiye tinagumula khoma kumbuyo kwa fani n'kuikapo njerwa za maenje, mbali imeneyo mwamwayi inali ya kummwera komwe kuli mthunzi wa mtengo. Opanga amapempha mpata wosachepera gawo limodzi mwa anayi la kukula kwa pakamwa pa chivindikiro, koma mpata wokha sukwanira ngati mpweya wobwerawo ndi wogwiritsidwa kale ntchito. Tinaimika kachidutswa ka pulayiwudi pakati pa mota ndi khoma la m'mbali kuti mpweya wa ku pule usabwererenso kumbuyo. Pamwamba, pansi pa denga mbali inayo, tinachotsa mizere iwiri ya njerwa n'kuikamo zitsulo zotchinga akuba, kuti wotentha uzitulukira kumeneko. Lata la pazenera linalowedwa m'malo ndi zitsulo.

Kenako katundu. Nyundo za chigayo zinali zitatha m'mphepete, ndipo nyundo yobuntha imakwapula chimanga nthawi yaitali chisanadutse pa sefa, mota n'kumakoka kwambiri pa thumba lomwelo. Tinazitembenuza. Ndinajambula kamzere kofiira pa galasi la mita ya pakhoma pa ma ampeya 39 ndipo ndinamuuza mnyamata uja kuti m'miyezi yotentha azithira chimanga moyang'ana kamzereko, osati 42. Ovalodi nayo ndinaitsitsa. Pa sitata ya sitala ndi delita ovalodi kawirikawiri imakhala pa mawaya opita ku makoyilo, kumene kumadutsa 0.58 ya ma ampeya a pa laini, ndiye 39 amakhala pafupifupi 22.5 pa kagudumu kake. Ndinaipeza ili pa 28, winawake anaikweza tsiku lina itatopetsa ndi kuzimazima.

Chinthu chimodzi ndinali nditachita kale poluka: ndinakwirira timasensa titatu ta PTC ta madigiri 150 m'mitu ya makoyilo, kamodzi pa gawo lililonse, mbali ya ku pule. Timeneti timamva kutentha kwa waya weniweni, ndipo tikafika pa nambala yake ma omu ake amalumpha, kalileyi kake n'kudula sitata. Mota zambiri zatsopano zimabwera nato kale, timawaya tiwiri tating'ono m'bokosi la materminolo, ndipo ndaona kambirimbiri tili tokulungidwa ndi tepi, osalumikizidwa kulikonse. Musadzatiyeze ndi megala, mita yoyesera zokutira mawaya ndi magetsi amphamvu, timapsa nthawi yomweyo. Pa masabata awiri oyesera aja ndinali nditatisiya dala osalumikiza, apo ayi chigayo chikanaima masana aliwonse. Tsopano ndinatilumikiza.

Tsiku lachitatu lake, nthawi yomweyo ya 2 koloko, panja panali 41 ngati kale. Pa sefa ya fani panali 42. Mzere wanga wa papepala unafika pa ma omu 0.540, zimene zikupereka madigiri 120, ndipo malo otenthetsetsa cha pa 130. Madigiri 40 anachoka pa mota yomweyo, dzuwa lomwelo. Mwa kuwerengera kwa theka pa madigiri khumi aliwonse, mawayawo akukalamba pang'onopang'ono ka 16 kuposa mmene ankachitira. Mabering'i nawo anapumako, pakuti gilisi wake amatha msanga kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 15 pamwamba pa 70.

Bambo aja anayang'ana pepala langa nthawi yaitali, kenako anafunsa zimene mwini chigayo aliyense akanafunsa. "Ndiye matumba angati ndikutaya patsiku ndi kamzere kanuka?" Tinawerengera limodzi. Kutsitsa katundu ndi magawo 8 pa 100 kukanachotsa thumba limodzi pa khumi ndi awiri alionse, koma nyundo zakuthwa zinabweza gawo lalikulu, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpweya wa pa fani ukakhala pansi pa 40, akhoza kubwerera pa 42 mosaopa. Sanakondwere kwenikweni, koma sanafute kamzereko.

Mnyamata uja ndinamusiyira bulashi ya mapulasitiki olimba ndi kamtengo kosongola. Madzulo aliwonse chigayo chikazimitsidwa, nthiti zonse, makamaka za pansi zimene sizioneka, ndi timaenje ta sefa ya fani. Loweruka lililonse achotse maboti anayi a chivindikiro, apukute mapiko ndi kuwawerenga ngati onse alipo, n'kugwedeza fani kuti aone ngati siinamasuke pa shafiti, chifukwa fani ya pulasitiki ikhoza kumaterereka shafiti ikuzungulira, munthu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Anandifunsa ngati angathireko madzi pang'ono pansi pa simenti kuti muzizizira. Ndinati pansi athire, bola asafike pa mota ndi pa sitata.

Chaka chotsatira mu Okutobala anandiimbira foni kuti chigayo chazima chokha masana, ovalodi siinagwe, ndipo sitata ikukana kuyaka. Ndinamuuza adikire theka la ola, ndipo podikirapo azungulire kuseri kwa nyumba akaone njerwa za maenje zija. Anapeza amayi ena atatsamiritsa matumba asanu a chimanga pakhoma pomwepo, pobisalira dzuwa.